Momwe mungadziwire ngati nyimbo yomwe mukuikumbukira ndi ya pasiteji kapena ya mu situdiyo

Munthu akukumbukira "No Woman, No Cry" ya Bob Marley momwe khamu likuyamba kuimba kolasi mwini wake asanatsegule pakamwa. Akaitsitsa pafoni, akumva ina yothamanga, yopanda anthu. Zonse ziwiri ndi zenizeni. Ya mu situdiyo ili m'chimbale cha Natty Dread cha 1974, pomwe ya pasiteji inajambulidwa mu holo ya Lyceum, mumzinda wa London, mu Julayi 1975, n'kutuluka m'chimbale cha Live!

Yambani ndi kulemba chomwe mukukumbukiracho, komanso pomwe chikuchitikira: koyambirira, pakati kapena kumapeto. Kungoti "inali yokoma" sikukufikitsani kulikonse. Khamu kuimba woimba asanayambe ndiye chizindikiro chogwirika.

Kenako valani mahedifoni, mumvetsere mphindi yoyamba. Apa m'pomwe pagona nkhani. Ya mu situdiyo imayenda mofulumira, ndipo pansi pake pali kamakina koimba ng'oma komwe kugunda kwake sikusintha. Ya ku Lyceum imayenda pang'onopang'ono, limba likutsogolera, mawu a anthu akubwera chapatali ngati mukuwamvera panja pa holo. Musadalire kuomba m'manja kokha, chifukwa phokoso la khamu limatha kumatidwa pa nyimbo ya mu situdiyo. Khamu lenileni limayankha zomwe zikuchitika: limakuwa woimba akalowa, limatsalira pang'ono poimba, ena n'kuphonya mawu. Lomatidwa limangosokosera mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Mukatero onani kutalika. Ya Natty Dread imatenga pafupifupi mphindi 4, ya ku Lyceum yathunthu imapitirira pang'ono mphindi 7. Koma chenjerani, ya ku Lyceum yomweyo inadulidwaponso kuti ikwane pawailesi, choncho yaifupi ikhoza kukhalabe ya pasiteji. Kutalika kungothandiza, khutu ndilo ligamule.

Dzina la chimbale nalonso limasocheretsa. Ambiri kuno anaidziwira nyimboyi mu Legend ya 1984, chimbale chosonkhanitsa nyimbo zotchuka, n'kumayesa kuti zonse zili m'menemo n'za mu situdiyo. Komatu yomwe anaikamo ndi ya ku Lyceum. Za m'mamemore khadi ndiye musazikhulupirire n'komwe, wokopera amalemba dzina lomwe wafuna.

Chotsala n'kudziwa kuti ndi phwando liti, poti Marley anaiimba malo ambiri. Ngati m'maganizo mwanu muli chithunzi cha iye akuimba atatsinzina, mwina munaonera kanema wa ku holo ya Rainbow, ku London komweko, wa 1977, osati chimbale cha 1975. Fufuzani pa intaneti polemba dzina la nyimbo pamodzi ndi Lyceum 1975, kenako Rainbow 1977, mumvetsere gawo la nyimbo lomwe munalemba lija, mumve kuti ndi iti yomwe khamu ndi gitala zikulowa momwe mukukumbukirira.