Momwe mungaikire ndalama yolowera ndi mtengo wa pa ola mukamabwereketsa pampu yothirira

Mvula ikakata, eni mapampu a petulo kumadimba a ku Bvumbwe amakhala pa mpanipani. Ambiri amalipiritsa pa ola basi. Koma ngati alimi anu ali ofanana, madimba aakulu mofanana, mbewu imodzi, msika umodzi, pali njira ina yopindulitsa kuposa pamenepo. Mlimi amalipira ndalama yolowera kamodzi pamwezi, kenako n'kumalipira ola lililonse limene pampu yalira. Katswiri wa zachuma Walter Oi anafotokoza njirayi mu 1971 poona mitengo ya ku Disneyland, malo a zisangalalo a ku America, koma masamu ake amagwiranso ntchito padimba la tomato.

Choyamba, dziwani ndalama imene ola limodzi lowonjezera limakudyerani: petulo, oilo ndi kutha kwa zitsulo. Ngongole ya pampu ndi malipiro a mlonda musaziwerengere apa, chifukwa zimenezo mulipirabe ngakhale pampu itangogona m'nyumba. Tiyerekeze kuti ola limadya K3,000.

Chachiwiri, tsegulani kope lanu lolembamo maola muone mmene alimi ankachitira nthawi zimene munasintha mtengo. Tinene kuti pa K7,000 palibe amabwera, aliyense amanyamula kheni yake, ndipo mukatsitsa ndi K500 mlimi amawonjezera ola limodzi pamwezi. Ndiye kuti pa K5,000 amatenga maola 4, pa K3,000 maola 8.

Tsopano apa ndi pamene ambiri amakanira. Mtengo wa pa ola muuike pa K3,000 yomweyo, osawonjezera ngakhale tambala. Muli ndi ufulu wofunsa kuti, nanga phindu lichokera kuti? Lili pakhomo polowera. Mlimi amene akulipira K3,000 pa ola akanalolera kulipira pafupifupi K7,000 pa madzi oyambirira, pamene tomato wafota, ndipo kulolera kwakeko kumatsika pang'onopang'ono mpaka kufika pa K3,000 ola la 8 likamatha. Kusiyana konseko ndi phindu limene latsalira m'thumba mwake, ndipo ndi kumene ndalama yolowera imakatapa. Muwerengere motere:

½ × 8 × (7,000 − 3,000) = K16,000

Imeneyo ndiye ndalama yolowera yaikulu kwambiri imene mlimi angavomere pamwezi.

Kuti musangondikhulupirira, yesani mitengo ina. Popanda yolowera, mtengo wabwino koposa ndi K5,000: maola 4, phindu la K2,000 pa ola, zonse K8,000. Mukasunga K5,000 n'kuwonjezera yolowera, mlimi sangapitirire ½ × 4 × 2,000, yomwe ndi K4,000, ndiye mwapeza K12,000. Pa K3,000 mwapeza K16,000. Mwina mtima ukuti bwanji osangotsitsiratu. Pa K2,000 mlimi atenga maola 10, yolowera ikwera kufika K25,000, koma pa ola lililonse mukuluza K1,000, ndiye mutsala ndi K15,000. Chifukwa chake n'chakuti mtengo ukapitirira K3,000 mukuthamangitsa maola amene mlimi akanawagula mokondwa, ndipo ukachepera mukumugulira petulo wothirira zimene iye mwini sakuziwerengera kwenikweni.

Ndi alimi 20, zimenezi ndi K320,000 pamwezi m'malo mwa K160,000, ndipo m'menemo ndi momwe muchotse za ngongole ndi za mlonda zija. Onaninso kuti maola akhala 160, pampu ikwanitsa. Akanakhala alimi 50 bwenzi mzere utatalika, ndipo mtengo wa pa ola ukanayenera kukwera mpaka maola ofunidwa akwanirane ndi amene alipo.

Ine sindingaike K16,000 ndendende. Pamenepo mlimi kulowa ndi kusalowa n'chimodzimodzi, ndipo mukaphonya masamu pang'ono, poti ndi ofanana, achoka onse tsiku limodzi. K15,000 ili bwino. Komanso mlimi amakhala alibe kanthu tomato asanapse, choncho mutha kugwirizana kuti yolowerayo aipereke akagulitsa pamsika.

Chimene chimagwetsa dongosololi msanga ndi ichi: mmodzi amalipira yolowera, kenako n'kulumikiza paipi mpaka kudimba la achimwene ake ndi la apongozi. Muzindikira m'kope, dzina limodzi lili ndi maola 24 pamene anzake ali pa 8, ndipo olembetsa akuchepa. Mangani yolowera pa dimba, osati pa munthu, ndipo pampu izipita ndi mnyamata wanu. Mnzanu akagula pampu yake tsidya la mtsinje n'kumalipiritsa K4,000 popanda yolowera, K15,000 yanu siigwiranso.

Mukalengeza, penyani mmene alandirira. Ena akalipira osanyinyirika koma ena n'kubwerera ku kheni, ndiye kuti alimi anu si ofanana monga munkaganizira. Zikatero kawirikawiri yolowera imatsitsidwa kuti a madimba ang'onoang'ono asachoke, ndipo wa pa ola umakwera pang'ono kupitirira K3,000 kuti a madimba aakulu alipire zambiri kudzera m'maola awo.