Momwe mungatetezere TV ya OLED yogwira ntchito tsiku lonse kuti sikirini isapse

Pamalo ena oonetsera mpira ku Chinamwali pali TV ya OLED ya mainchi 55 yomwe mwini wake anaigula modula, ndipo chithunzi chake chinali chokoka anthu kuchokera kumsewu. Patadutsa chaka ndi miyezi ingapo, makasitomala anayamba kuona kachinthu ngati mthunzi pakona ya kumanzere, pomwe pamakhala kabokosi ka zigoli ndi mphindi za masewero. Ngakhale aike filimu, kabokosiko kamaonekabe mwachizimezime. Bambowo anapukuta ndi kansalu, anasintha chingwe cha dikoda, koma mthunzi uli pomwepo. Nditafunsa momwe amaigwiritsira ntchito, nkhani yonse inaoneka poyera: amaiyatsa 8 koloko m'mawa, amaizimitsa 10 koloko usiku, ndipo pozimitsa amangothimitsa pa soketi ya pakhoma.

Mu TV wamba ya LED muli nyale kumbuyo yomwe imawalitsa sikirini yonse pamodzi. Mu OLED mulibe nyale yotero. Kadontho kalikonse ka chithunzi, kamene amati pikiselo, kamadziwalira kokha, ndipo kamatha mphamvu pang'onopang'ono malinga ndi momwe kagwirira ntchito. Madontho a pomwe pamakhala logo ya wailesi amawala mofanana maola onse, choncho amakalamba msanga kuposa anzawo oyandikana nawo. Mthunzi umene mumauonawo ndi kusiyana kwa madontho otopa ndi madontho amphamvu. Palibe chimene chamatirira pagalasi, n'chifukwa chake kupukuta sikuthandiza.

Yambani ndi kuyeza

Musanasinthe chilichonse, dziwani kaye ngati muli ndi mthunzi wosakhalitsa kapena sikirini yapsa kale. Ikani pa fulashi zithunzi zitatu za mtundu umodzi wodzaza sikirini yonse: chotuwa ngati phulusa, chofiira, ndi cha pinki wakuda. Usiku, mutazimitsa nyale za m'chipinda, zionetseni chimodzichimodzi. Pachithunzi chotuwa ndi chofiira ndi pomwe mthunzi umadziulula bwino. Jambulani ndi foni kuti mukhale ndi poyerekezera.

Kenako onetsani filimu kapena china chilichonse choyendayenda, chodzaza sikirini yonse, kwa ola limodzi. Zimitsani ndi limoti, osakhudza soketi, igone usiku wonse. M'mawa yezaninso. Ngati mthunzi wachoka kapena wachepa kwambiri, unali wosakhalitsa, ndipo mwaupeza nthawi yabwino. Ngati uli chimodzimodzi ndi pachithunzi cha pafoni chija, madontho atha ndithu. Pamenepo zonse zili m'munsimu zingochepetsa kuwonjezereka kwa vutolo, koma sizibweza chimene chatayika.

Zimitsani ndi limoti, soketi muisiye

Apa ndi pomwe ambiri kuno timalakwitsa, ndipo timalakwitsa tili ndi zifukwa zomveka. Magetsi athu amathimathima, ndipo akamabwera nthawi zina amabwera ndi ukali, ndiye tinazolowera kuzula pulagi tikamagona. Ena amatero posunga mayunitsi. Pa TV wamba chizolowezichi chilibe vuto. Pa OLED chimapha chitetezo chachikulu chomwe TV ili nacho.

TV ya OLED ikagwira ntchito maola okwana pafupifupi 4, imadikira kuti muizimitse ndi limoti. Sikirini ikada, mkati imayamba kuyeza madontho ake ndi kukonza mphamvu yopita kwa lililonse kuti kuwala kufanane. Ntchitoyi imatenga mphindi zosapitirira 10 pa ma TV ambiri, ndipo simuona kalikonse kakuchitika. Mukathimitsa pakhoma nthawi yomweyo, ntchitoyi siichitika. Bambo a ku Chinamwali aja anachita zimenezi usiku uliwonse kwa chaka chathunthu, ndiye kuti TV yawo inkagwira maola 14 patsiku popanda kudzikonza olo kamodzi.

Chochita ndi chophweka. Dinani limoti, pitani mukawerenge ndalama za tsikulo kapena mukatseke mawindo, ndipo pakadutsa mphindi 15 kapena 20 ndi pomwe mungathimitse pakhoma ngati mukufunabe kutero. Kunena zoona, ine ndimalangiza kungoisiya pa soketi koma kudzera pa gadi yoteteza ku magetsi obwera mwamphamvu. Za mayunitsi musade nkhawa: TV yozimitsidwa ndi limoti imadya pafupifupi theka la wati, zomwe pamwezi wonse sizikwana ngakhale yuniti imodzi.

Magetsi akathima TV ili mkati moonetsa, kudzikonza kuja kwaphonyeka. Akabwera, iyatseni, kenako izimitseni ndi limoti kwa mphindi 15 musanapitirize, ngati mpira sunayambe. Ndipo pamalo pomwe TV imayaka kuyambira m'mawa mpaka usiku, ipatseni mpata woterewu kamodzi masana, nthawi ya nsima pomwe anthu ali ochepa.

Palinso kudzikonza kwakukulu komwe TV zambiri za LG, makamaka zakale, zimachita zikakwanitsa maola pafupifupi 2,000. Panyumba poonera maola 4 patsiku, zimenezi zimatenga chaka ndi miyezi inayi. Pa maola 14 patsiku zimafika m'masiku 143, osakwana miyezi isanu. Uthenga wopempha kudzikonzaku ukatuluka pasikirini, musaukane. Pa ma TV akale ntchitoyi imatenga pafupifupi ola, choncho sankhani nthawi yomwe magetsi sakonda kuthima. Mungathenso kuiyambitsa nokha: pa LG imatchedwa `Pixel Cleaning` kapena `Pixel Refresher`, pa Sony ndi `Panel refresh`, pa Samsung ndi `Pixel Refresh`. Koma musaisandutse mankhwala a sabata iliyonse. Sony imalangiza kusapitirira kamodzi pachaka, chifukwa kuichita pafupipafupi kumafupikitsa moyo wa sikirini.

Tsitsani kuwala

Dontho likamawala kwambiri limatentha kwambiri, ndipo limatha msanga. Mu 2018, gulu loyeza ma TV la RTINGS linayatsa ma TV asanu ndi imodzi a LG C7 maola 20 patsiku, iliyonse ikuonetsa zosiyana. Awiri ankaonetsa nkhani za CNN, ina pa kuwala kwapakati, ina pa kuwala kotheratu. Yowala kotheratuyo ndi imene inapsa msanga komanso moipa, makamaka pomwe panali zofiira zosasuntha. Ma TV amakono ndi olimbirapo kuposa amenewo, koma lamulo lake silinasinthe.

TV ya ku Chinamwali inali pa `Vivid`, kuwala kuli pa 100. Choyamba onetsetsani kuti TV ili pa `Home Mode`, osati `Store Mode` yomwe ndi yoonetsera m'sitolo. Chokani pa `Vivid` kapena `Dynamic` mupite pa `Standard` kapena `Cinema`. Kenako pezani `OLED Pixel Brightness`, yomwe pa LG zakale imalembedwa `OLED Light`, muitsitse kufika pakati pa 40 ndi 60. Samalani: pa ma TV ena pali `Brightness` ina yomwe imangosintha kuda kwa malo akuda, siyimeneyo ayi. Masiku awiri oyamba chithunzi chidzaoneka ngati chazilala, makasitomala adzadandaula, kenako maso adzazolowera. Ngati masana sichikuoneka bwino, ikani katani pawindo m'malo mokweza kuwala.

Mudakali m'menyumo, yatsani zinthu ziwiri. China ndi `Screen Move` kapena `Pixel Shift`, chomwe chimasuntha chithunzi chonse pang'onong'ono nthawi ndi nthawi kuti m'mphepete mwa logo musagwere pa madontho omwewo. Chinacho ndi `Adjust Logo Brightness`, chomwe chimazindikira chinthu chosasuntha n'kuchichepetsa kuwala. Pamalo oonetsera mpira chiikeni pa `High`. Pa LG zatsopano zonsezi zili pansi pa `OLED Care`. Kusuntha kuja kumathandiza pa zilembo zing'onozing'ono, koma pa mzere waukulu wofiira wa nkhani sikuchita zambiri, chifukwa ngakhale usunthe, pakati pake pamakhalabe pofiira.

Zimene dikoda imasiya pasikirini

Mdani wina ndi uthenga wa dikoda. Mvula ya ku Zomba ikatsika kuchokera kuphiri, siginolo imatayika ndipo kabokosi kolembedwa kamaima pakati pa sikirini. Malipiro akatha, uthenga wa `E16` umakhala pomwepo mpaka wina alipire. Anyamata ogwira ntchito amangosiya choncho, poti palibe amene akuonera. TV imadzichepetsa kuwala ikaona chithunzi chaima, koma chotetezera sikirini chake, chithunzi choyendayenda chomwe TV imaika yokha, nthawi zambiri sichiyamba ngati chithunzi chikuchokera ku dikoda. Auzeni momveka: chithunzi chikaima kupitirira mphindi zochepa, azimitse ndi limoti.

M'mawa, pomwe palibe mpira wamoyo, musasiye TV pa wailesi imodzi ya nkhani kapena ya masewero obwereza. Sinthani pakatha maola awiri kapena atatu, ndipo sankhani mawailesi omwe logo zawo zili pamakona osiyana. Mafilimu akale ndi makwaya ojambulidwa mwakale omwe amasiya mizere yakuda m'mbali nawonso ali ndi vuto lawo akamaonetsedwa tsiku ndi tsiku: pakati pamatha, m'mbali mukupuma, ndipo pamapeto pake malire amaoneka.

Kutentha

Ambiri amaika TV m'khola lachitsulo kapena m'bokosi lamatabwa poopa akuba, kenako n'kuikweza pafupi ndi malata. Mu Okutobala ndi Novembala malo amenewo amakhala ngati uvuni, ndipo kutentha kumafulumizitsa kutha kwa madontho. Khola likhale lotseguka kumwamba ndi m'mbali, pasiyidwe mpata wa masentimita 10 kuzungulira TV, ndipo dzuwa lisamaombe pasikirini mwachindunji. Fumbi la pa timabowo ta kumbuyo lipukutidwe mwezi uliwonse.

Nanga ya ku Chinamwali ija inatha bwanji? Titaisiya usiku wonse itazimitsidwa ndi limoti, n'kuyendetsa kudzikonza kwakukulu kamodzi, mthunzi wina womwe unali pa mzere wam'munsi mwa sikirini unachoka, koma wa kabokosi ka zigoli unangochepa. Umaonekabe pachithunzi chotuwa, ngakhale pa mpira suvuta kwenikweni poti kabokosi katsopano kamagwera pomwepo. Kusintha sikirini ya OLED kumadya ndalama zoyandikira mtengo wa TV yatsopano, ndipo mawaranti ambiri sawerengera kupsa kotereku, makamaka TV ikamagwira ntchito pamalo a bizinesi. Bambowo anagula TV ya LED yotsika mtengo kuti iziyaka masana onse, ndipo OLED amaiyatsa pa masewero akuluakulu okha. Kwa amene akufuna sikirini yoonetsa mitengo ya zakudya, makamera a chitetezo kapena ndandanda ya odikira tsiku lonse, ndinganene zomwezo asanagule n'komwe: ntchito imeneyo ndi ya LED. Fulashi ya zithunzi zitatu ija bambowo anaisunga mu dirowa ya kauntala, ndipo amayeza tsiku loyamba la mwezi uliwonse.