Kusiyanitsa zimene anthu akufuna akamafufuza pa intaneti

"Makina athu osakira angadziwe bwanji ngati munthu akufuna tsamba, nkhani, kapena kugula?"

Yambani ndi mawu amene walemba. Dzina lokha, monga `facebook login`, likufuna tsamba limodzi: liikeni pamwamba basi. `how`, `why` kapena "bwanji" akufuna kufotokozeredwa. `buy`, `download`, "mtengo" akufuna kuchita kanthu, choncho onetsani mitengo ndi batani logulira.

Kenako onani zimene anthu amadina, chifukwa mawu okha amanamiza. Ngati pafupifupi onse akudina ulalo umodzi, akufuna tsamba. Akamwazikana, akufuna nkhani.

Zimavuta ndi mawu ngati `iphone 15`, omwe angatanthauze zitatu zonsezi. Apa musakakamire gulu limodzi. Sakanizani zotsatira, zodina za anthu zikuuzeni choyenera kukwera.