Kontrakiti ikatha osawonjezera: mmene mungamuuzire wantchito popanda kumunamiza

M'maofesi a mu Lilongwe muno mawu akuti "tiona" avulaza anthu ambiri kuposa kalata yeniyeni yothetsa ntchito. Bwana akudziwa kale kuti kontrakiti ya munthu siwonjezeredwa, koma chifukwa cha chisoni amangoti, "Musadandaule, tiona mmene zikhalire." Mwini wake amatuluka mu ofesi mtima uli m'malo, salembanso makalata ofunsira ntchito kwina, mwina amakatenganso ngongole kubanki m'khonde poganiza kuti malipiro apitirira. Tsiku likakwana amapezeka ali manja lende. Malangizo anowa ndi a inu amene muli ndi udindo wopereka uthenga woterewu, kaya ndinu oyang'anira pulojekiti, a ofesi yoona za antchito, kapena eni kampani yaing'ono.

Titenge chitsanzo chimodzi tiyende nacho mpaka kumapeto. Bungwe lina lili ndi ofesi ku Area 47, ndipo lili ndi mayi wina amene amayendera magulu a alimi cha ku Mitundu. Kontrakiti yake ndi ya chaka chimodzi, kuyambira pa 1 Julaye mpaka pa 30 Juni. Amalandira K440,000 pamwezi ndipo amagwira ntchito masiku asanu pasabata. Mu Epulo opereka thandizo alemba kuti gawo la Mitundu salipatsanso ndalama. Mayiyo alibe mlandu uliwonse, ntchito yake yokha ndiyo ikutha.

Musanamuitane, yambani mwaona mafayilo. Lamulo la Employment Act la chaka cha 2000, pa gawo 28, limati kontrakiti ya nthawi yoikika imatha yokha pa tsiku limene linalembedwa, ndipo sipafunika notisi pokhapokha ngati yawonjezeredwa, kaya polankhula kapena mwakachetechete. Koma gawo lomwelo lili ndi mbali ina imene mabwana ambiri saiwerenga. Ngati kontrakiti ya nthawi yoikikayo ikugwiritsidwa ntchito podzaza malo a ntchito yokhazikika, imene bungwe limaifuna nthawi zonse, lamulo limaiona ngati kontrakiti yopanda tsiku lothera. Choncho dzifunseni: kodi ntchito imeneyi ikutha zoona, kapena mwezi wamawa tiikapo munthu wina? Wowerengera ndalama amene mwakhala mukumusainitsa kontrakiti ya chaka chimodzi kwa zaka zisanu ndi chimodzi, pa ntchito imene sidzatha, simungangomuuza kuti "nthawi yakwana". Akapita ku ofesi ya Labour kapena ku khoti la Industrial Relations, mukhoza kukafunsidwa chifukwa chenicheni chomuchotsera. Zikakhala choncho, onanani kaye ndi wodziwa malamulo musanatsegule pakamwa. Werenganinso kontrakitiyo, chifukwa ena analembamo okha kuti adzadziwitsa wantchito mwezi umodzi kapena itatu isanathe, ndipo zimene munasaina zimakumangani.

Kwa mayi wa ku Mitundu zinthu n'zoonekeratu: ntchitoyo inabwera ndi pulojekiti ndipo ikupita ndi pulojekiti. Lamulo silikukakamizani kumuuza msanga, koma umunthu ukukukakamizani. Mwadziwa mu Epulo, muuzeni mu Epulo. Miyezi iwiri ndi theka ndi yokwanira kuti munthu alembe makalata ofunsira ntchito, alankhule ndi eni nyumba ku Area 25 kapena ku Kawale, aganizire za fizi ya ana ya mu Seputembala. Amene amadikira sabata yomaliza amati akuopa kuti munthu akadziwa agwa ulesi. Ine zimene ndaona n'zosiyana: wogwa ulesi ndi uja amamva mphekesera kwa dalaivala pamene bwana wake akumusekerera ngati palibe kanthu.

Mukhale naye m'chipinda chotseka, osati pakhonde, osati m'galimoto pobwera kumudzi, ndipo osati pa WhatsApp. Ngati n'kotheka lisakhale Lachisanu madzulo, chifukwa adzagona ndi mafunso mpaka Lolemba popanda womuyankha. Mulonjerane monga mwa chikhalidwe chathu, koma malonje asatalike. Munthu akaitanidwa ndi bwana mtima umakhala uli m'mwamba kale, ndiye kumufunsa za kunyumba ndi za mvula kwa mphindi khumi n'kumuzunza chabe. Nkhani itere:

"Mayi, ndakuitanani pa nkhani yovuta. Kontrakiti yanu ikutha pa 30 Juni, ndipo sitiiwonjezera. Opereka ndalama atilembera kuti gawo la Mitundu salithandizanso, choncho malo anu sakhalaponso kuyambira pa 1 Julaye. Chiganizochi chapangidwa kale ndipo sichisintha."

Mukatero khalani chete. Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa. Munthu akawerama, kapena misozi ikayamba kulengeza, timafuna kudzaza bata lija ndi mawu otonthoza, ndipo mawu amene amafulumira kutuluka ndi abodza aja: "Mwina zisintha," "Ndikulankhulirani kwa akuluakulu." Mupatseni nthawi. Ngati pali madzi, mupatseni madzi.

Mafunso adzabwera, ndipo atatu mwa iwo sasowa. Loyamba ndi lakuti, "Kodi ndalakwa chiyani, bwana?" Ngati sanalakwe, nenani momveka kuti sanalakwe, ndipo tchulani chinthu chenicheni chimene anachita bwino, monga magulu amene anawadzutsa atafa kapena malipoti amene sankachedwa. Koma musakokomeze mpaka kunena kuti "simungasowe malo muno", chifukwa malowo akusowadi. Ngati chifukwa chenicheni ndi kagwiridwe kake ka ntchito, musabisale kumbuyo kwa opereka ndalama. Lilongwe ndi wamng'ono. Pakatha milungu itatu adzaona ntchito yake yomweyo italengezedwa m'nyuzipepala, ndipo adzadziwa kuti munamunamiza. Nenani zoona mwaulemu, ndipo zikhale zinthu zimene munamuuzapo kale, osati milandu yongoifukula tsiku lomwelo. Dziwaninso kuti lamulo lomweli limaletsa tsankho pa ntchito. Ngati chikukukankhani mumtima ndi chakuti mayiyo ndi woyembekezera, kapena mtundu wake, kapena chipembedzo chake, vuto lanu si kasankhidwe ka mawu ayi, chiganizocho ndicho cholakwika.

Funso lachiwiri ndilo msampha weniweni: "Nanga ndalama zina zikapezeka?" Mwina n'zoona kuti bungwe latumiza pempho la pulojekiti ina ndipo yankho silinabwere. Kubisa zimenezo n'kulakwa, koma kuzinena mosasamala n'kumupatsa chiyembekezo chopanda mizu. Yankho labwino ndi ili: "N'zoona tinapempha ndalama kwina, koma sitinayankhidwe, ndipo sindingakulonjezeni kanthu. Zikadzatheka, ntchito zidzalengezedwa ndipo mudzafunsira ngati wina aliyense. Pokonza za moyo wanu, werengerani kuti pa 30 Juni ndi pomaliza." Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Pempho losayankhidwa ndi fodya wapachala, musamuuze munthu kuti adalire ameneyo.

Lachitatu ndi la ndalama, ndipo apa musayankhe za m'mutu. Bwerani ndi pepala. Pa gawo 44, wogwira ntchito masiku asanu pasabata amayenera masiku a tchuthi osachepera 15 pachaka, ndipo wa masiku asanu ndi limodzi amayenera 18. Tinene kuti mayiyu watenga masiku 9, ndiye atsala 6. Ngati bungwe lanu limagawa malipiro a mwezi ndi masiku 22, tsiku limodzi ndi K20,000, ndipo masiku 6 ndi K120,000, kuphatikiza pa malipiro a Juni a K440,000. Ngati kontrakiti inalonjeza ndalama yothokozera pamapeto, iwerengereninso monga inalembedwera, ndipo muuzeni kuti msonkho udzadulidwa, asadzadabwe poona zolowa kubanki zili zochepa. Gawo 53 limati zonse zimene akuyenera kulandira ziperekedwe pasanathe masiku asanu ndi awiri kontrakiti itatha. Muonetseninso kuti ndalama zake za penshoni, zanu ndi zake zomwe, zatumizidwa mwezi uliwonse, ndipo mumupatse dzina la kampani imene ikuzisunga ndi nambala yake ya umembala. Za ndalama yolipira munthu pomuchotsa ntchito musalonjeze pakamwa, chifukwa lamulo limaipereka pa zifukwa zina zotchulidwa, osati paliponse pamene ntchito yatha. Ngati pali chikaiko, funsani ku ofesi ya Labour kaye kenako mumuyankhe polemba.

Kukoma mtima kwenikweni kuli m'zinthu zimene mungathedi kuchita. Gawo 31 limamupatsa ufulu wolandira chikalata chosonyeza kuti anagwira ntchito kwa inu, nthawi imene anagwira, udindo wake ndi malipiro ake, ndipo chifukwa chothera ntchito chimalembedwamo ngati iye mwini wapempha. Chikonzeni msanga, asachite kuyenda maulendo atatu pa minibasi kudzachilondola. Mlembereni kalata yomuchitira umboni, muloleni kuchoka masana akaitanidwa ku intavyu, ndipo mumufunse ngati akufuna kuuza anzake yekha kapena muwauze ndinu. Zimenezi ndi zazing'ono, koma zili m'manja mwanu, pamene "ndikupezerani pena" sizili m'manja mwanu.

Tsiku lomwelo kapena mawa lake mupatseni kalata yaifupi yokhala ndi tsiku lothera, chifukwa chake, ndalama zimene adzalandire, ndi katundu wofunika kubweza monga njinga yamoto, foni ndi makiyi. Mawu a m'kalata afanane ndi a pakamwa. Zimachitika kuti kalata ikunena kuti ntchito yatha, pamene woyang'anira wake kumudzi akumunong'oneza kuti "zimenezo n'za mapepala chabe". Choncho onse amene ali pamwamba pake agwirizane chimodzi musanamuitane. Pakapita masiku awiri kapena atatu mukhalenso naye, mumufunse kuti wamva zotani. Akati, "Ndamva kuti mukudikira yankho la opereka ndalama," dziwani kuti uthenga sunafike, ndipo mubwerezenso mofatsa. Chizindikiro china ndi chakuti akupitiriza kukonza ndondomeko ya ntchito za mu Ogasiti, kapena akupempha ngongole ya ku ofesi yobweza miyezi isanu ndi umodzi.

Chomaliza ndi pa 1 Julaye penipeni. Lipoti lomaliza silinathe, ndiye wina akuti, "Mayi, tabwerani sabata ino mutithandize kumalizitsa." Iye abwera, asaina m'buku, mwezi utha, malipiro alowa monga kale. Pamenepo mwalowa m'kuwonjezera kontrakiti mwakachetechete kumene gawo 28 likunena kuja, ndipo mwadzutsanso chiyembekezo chimene munavutika kuchithetsa mu Epulo. Ngati mukumufunadi kwa milungu iwiri, lembani pangano lina lalifupi la ntchito imeneyo yokha, lokhala ndi tsiku loyambira, tsiku lothera ndi malipiro ake, ndipo musainirane asanakhale pa desiki.