Yambani ndi Chipinda Chimodzi Chimene Onse Akuchifuna

Kwa anzanga a ku Malawi amene mukuphunzitsa kuno ku Johannesburg ndipo mwapatsidwa ntchito yokonza ndondomeko ya nthawi ya maphunziro, ndikupemphani kuti musayambe ndi kalasi, koma muyambe ndi chinthu chosowa kwambiri pasukulupo.

Pasukulu pathu chipinda cha makompyuta ndi chimodzi, ndipo tsiku lili ndi mapiriyodi 8, kotero kuti pa sabata pali mipata 40 yokha. Makalasi 12, iliyonse ikafuna mapiriyodi 3, atenga mipata 36, n'kutsala 4 yokha. Mukachedwa kuikamo makalasiwa mudzapeza kuti mipata yotsalayo yagundana ndi masamu. Ndiye dzazani chipindacho poyamba, kenaka aphunzitsi amene amabwera masiku ochepa.

Phunziro lililonse ndimalilemba ndi pensulo pamapepala atatu nthawi yomweyo: la kalasi, la mphunzitsi ndi la chipinda. Amene mumagwiritsa ntchito kompyuta, lembani aphunzitsi a piriyodi imodzi mumzere umodzi wotsika mu Excel, kuyambira B2 mpaka B13, kenaka pambali pake, mu C2, muike fomula iyi n'kuikopera mpaka C13:

```
=COUNTIF(B$2:B$13,B2)
```

Yankho likaposa 1, mphunzitsi ameneyo waikidwa kawiri. Koma samalani kalembedwe ka mayina, chifukwa dzina limodzi lolembedwa mosiyana kompyuta imaliona ngati anthu awiri.