Kuwerengera madzi oziziritsa jenereta ya dizilo potengera kutentha kwa injini

Jenereta yomwe ili m'chipinda chosapita mphepo, kapena yomwe rediyeta yake inatha, ambiri amaiziziritsa ndi madzi a m'mjigo, mumtsinje kapena m'thanki. Madziwo amadutsa m'chosinthira kutentha, chija chokhala ndi timapaipi kapena timalata tambiri m'kati, momwe madzi a injini amapereka kutentha kwawo ku madzi a kunja popanda kusakanikirana. Vuto limabwera pogula pampu ndi mapaipi. Munthu amangoyang'ana kukula kwa jenereta n'kunena kuti pampu iyi ikwana, kenako mu Okutobala injini n'kumazima yokha masana aliwonse. Madzi ofunika amachita kuwerengera, ndipo poyambira ndi kuchuluka kwa kutentha komwe injini ikutaya.

Titenge jenereta yolembedwa 100 kVA. Nambala imeneyi si makilowati, ndipo anthu ambiri amaphonya pomwepa. Ikasenza katundu wodzadza, jenereta yotereyi imapereka magetsi a makilowati 80, ndipo imamwa dizilo pafupifupi malita 22 pa ola. Lita imodzi ya dizilo ikapsa imatulutsa mphamvu pafupifupi makilojulu 36,000. Mukachulukitsa 22 ndi 36,000 n'kugawa ndi masekondi 3,600 a mu ola, mupeza makilowati 220. Mwa amenewa, 80 okha ndiwo asanduka magetsi. Gawo lalikulu la otsalawo limatuluka ndi utsi, lina limachoka pa thupi la injini ndi la chopangira magetsi kupita mu mpweya wa m'chipinda, ndipo madzi amatenga pakati pa 25 ndi 30 pa 100 alionse a mphamvu ya dizilo. Pa jenereta yathuyi tinene makilowati 60.

Ngati muli ndi buku la injini yanu, tengani nambala ya kutentha kopita m'madzi yomwe opanga analemba, chifukwa imaposa kuyerekeza kulikonse. Muonetsetsenso ngati injiniyo ili ndi choziziritsa ndi madzi mpweya wochokera ku tebo, makina aja opanikizira mpweya m'injini, chifukwa kutentha kwake kumalembedwa pakokha ndipo kuyenera kuphatikizidwa.

Kilogalamu imodzi ya madzi imafuna makilojulu 4.18 kuti itenthe ndi digiri imodzi. Choncho madzi ofunika amadalira zinthu ziwiri: kutentha koti achotse, ndi madigiri omwe mwawalola kukwera pakati pa polowera ndi potulukira.

```
m = Q / (4.18 × ΔT)
L/min ≈ 14.3 × Q / ΔT
```

Apa Q ndi makilowati a kutentha, ΔT ndi kusiyana kwa madigiri a madzi olowa ndi otuluka, m ndi makilogalamu a madzi pa sekondi. Mzere wachiwiri ndi chidule chabe chopereka malita pa mphindi, poti lita ya madzi imalemera pafupifupi kilogalamu.

M'kati mwa injini, kusiyanaku kumakhala kochepa, madigiri 5 mpaka 8, kuti mbali ina ya injini isazizire pomwe mutu wake ukupsa. Tikatenga madigiri 6, madzi olowa pa 82 n'kutuluka pa 88, ndiye 14.3 kuchulukitsa 60 kugawa ndi 6, malita 143 pa mphindi. Ntchito imeneyi ndi ya pampu ya injini yomwe, ndipo opanga anaiwerengera kale. Chanu n'kusaipanikiza ndi mapaipi aang'ono kapena aatali. Ngati m'madzimo mwathira mankhwala oteteza injini theka ndi theka, dziwani kuti kilogalamu ya msakanizowo imangotenga makilojulu pafupifupi 3.6, ndiye pafunika malita oposa 160 pa mphindi pa kutentha komweko.

Mbali yomwe mwini jenereta amasankha yekha ndi ya madzi a kunja, ndipo apa mpofunika kudekha. Yezani madzi anu nthawi yotentha kwambiri pa chaka, masana, osati m'mawa wa mu Juni. Madzi a m'thanki yakuda yokhala padzuwa ku Chikwawa kapena ku Nsanje si ofanana ndi a m'kasupe ku Dedza. Tinene kuti akulowa pa madigiri 28. Musawalole kutuluka otentha kwambiri, makamaka a m'mjigo okoma mchere, chifukwa akatentha amasiya zoyera zokakamira m'timapaipi ngati zija za m'ketulo. Kutulukira pa madigiri 40 n'kwabwino, kusiyana kwake 12. Pa makilowati 60 onjezerani 15 pa 100 alionse chifukwa timapaipi timada pakapita nthawi, afike 69. Ndiye 14.3 kuchulukitsa 69 kugawa ndi 12, malita 82 pa mphindi, kapena kuti pafupifupi malita 5,000 pa ola.

Tsiku limodzi la ntchito ya maola 8 likufuna malita 40,000. Mjigo wosatha kupereka madzi amenewa sungaziziritse jenereta iyi ngati madziwo angodutsa kamodzi n'kutayidwa. Ena amati tingobwezera madziwo m'thanki momwemo. Werengani kaye: makilowati 60 amatenthetsa malita 5,000 ndi madigiri 10 pa ola lililonse. Madzi oyamba pa 28 pakatha maola 3 ali pafupi ndi 59, ndipo thanki ya pulasitiki imataya kutentha pang'ono kwambiri. Kubwezera madzi kumatheka pokhapokha pali powaziziritsira, monga dziwe lotambalala kapena nsanja yowazira madzi.

Paipi isankhidwe kuti madzi aziyenda mamita 1.5 mpaka 2 pa sekondi. Malita 82 pa mphindi m'paipi ya mamilimita 32 m'kati amathamanga mamita 1.7 pa sekondi, zomwe zili bwino. M'paipi ya mamilimita 25 liwiro limafika 2.8, madzi amakhuzana kwambiri ndi paipi ndipo pampu imapereka ochepa. Nambala yaikulu yolembedwa pa pampu ndi ya pomwe sikukweza madzi mpang'ono pomwe. Funsani kuti imapereka malita angati pa msinkhu wanu weniweni, kuphatikizapo kupanikizika kwa m'mapaipi, m'sefa ndi m'chosinthira kutentha.

Mukamanga zonse, yesani ndi ndowa ya malita 20 pa paipi yotulukira. Iyenera kudzaza m'masekondi 14 kapena 15. Ikatenga masekondi 25, mukupeza malita 48 okha pa mphindi. Yezaninso madigiri polowera ndi potulukira jenereta itasenza katundu kwa theka la ola, chifukwa injini yongolira popanda katundu siitentha mokwanira kuti ionetse vuto.

Manambala awiriwa ndi omwe amaloza matenda. Injini ikamatentha, kusiyana kwa madzi a kunja n'kukwera kufika madigiri 20, madzi akuchepa: yang'anani sefa yotsekeka ndi zinyalala, paipi yokokera yomwe ikuyamwa mpweya, kapena mapiko a pampu odyeka ndi mchenga. Koma injini ikamatentha, ndowa ikudzaza pa nthawi yake, kusiyana kwake n'kukhala madigiri 5 kapena 6 okha, madzi alipo okwanira koma kutentha sikukuwafika. Pamenepo timapaipi takutidwa ndi zokakamira zija, kapena madzi a m'injini sakuzungulira chifukwa lamba wa pampu wakhwefuka kapena themositati, kachipangizo kotsegulira madzi njira injini ikatentha, yakanirira. Kugula pampu yaikulu pa vuto lotereli n'kutaya ndalama. Ndipo themositati yowonongeka isinthidwe, isangochotsedwa: pa injini zambiri ndi yomwe imatseka njira yachidule ya madzi, moti ikachoka, madzi otentha ena amabwerera m'injini osadutsa kozizira.