Momwe Mungamasulirire Mawu a ku Malo Oyeretsera Madzi mu Chichewa

Mukapatsidwa ntchito yomasulira kabuku ka ogwira ntchito pamalo oyeretsera madzi, kapena kapepala kopita ku makomiti a madzi akumudzi, musathamangire dikishonale. Mawu ambiri a ntchito imeneyi mulibemo, ndipo amene alimo amakusocheretsani. Njira imene ndimatsata ine ndi iyi.

Choyamba, jambulani ulendo wa madzi papepala musanamasulire chiganizo ngakhale chimodzi. Madzi a mumtsinje, kaya ndi a Shire amene amapopedwa pa Walker's Ferry kupita ku Blantyre, kaya ndi a mtsinje wa Lilongwe, amadutsa pafupifupi njira imodzi: amathiridwa mankhwala ogwiranitsa dothi, amatakasidwa, amadikha, amasefedwa, kenako amathiridwa klorini. Liwu lililonse lovuta muziliyika pamalo pake paulendowu. Ngati n'kotheka, pemphani chilolezo mukaone nokha, kapena imbirani foni opareta wa pamalopo. Mayunitsi amene mungawononge pamenepo ndi ochepa poyerekeza ndi kusindikizanso kabuku konse.

Chachiwiri, siyanitsani mawu awiri amene amafanana: koagyuleshoni ndi fulokyuleshoni. Tidothi timene timachititsa madzi a dzinja kukhala ofiira n'tating'ono kwambiri moti timakankhana tokhatokha, ndipo madzi mutawasiya tsiku lonse sitimira. Alamu, mankhwala ogwiranitsa dothi aja, amathetsa kukankhanako. Amathiridwa pamene madzi akuvundulidwa mwamphamvu, kwa masekondi chabe, ndipo sitepe imeneyi ndiye koagyuleshoni. Ambiri amalemba kuti "kuundana", koma munthu akamva kuundana amaganiza za magazi kapena mafuta ophikira m'nyengo yozizira, ngati kuti madziwo ndi amene akulimba. Ine ndimalemba "kugwiranitsa dothi ndi mankhwala". Fulokyuleshoni ndi kutakasa pang'onopang'ono kwa mphindi 20 kapena 30 kuti tidothi tija tikumane n'kupanga timibulu tooneka ndi maso, tonga timene timatsala m'phala losavundula bwino. Imeneyi ndi "kutakasa pang'onopang'ono kuti timibulu tikule". Mawu oti pang'onopang'ono musawasiye, chifukwa opareta akatakasa mwamphamvu timibulu timasweka. Sedimenteshoni ndi yosavuta: "kudikhitsa madzi", ndipo zotsalira pansi ndi matope kapena nsenga.

Tsopano klorini. Apa ndi pamene ntchito yanga ina inabwezedwa, ndiye ndichedwapo.

M'Chingerezi muli mawu atatu osiyana amene ife timakonda kuwaunjika m'mawu amodzi oti "mlingo wa klorini". Pali klorini amene mwathira, pali amene wadyedwa ndi zinyalala ndi tizilombo ta m'madzimo, ndiye pali amene watsala akugwirabe ntchito. Kabuku kamene ndinkamasulira kanali ndi manambala awiri: 2 mg/L pa tsamba lina, 0.5 mg/L pa tsamba lina. Onse awiri ndinawatcha mlingo wa klorini. Mkulu wina wa komiti anafunsa pamaphunziro kuti, "Achimwene, ndiye tizithira uti, wa 2 kapena wa theka?" Ndipo ena anali atasankha kale wa theka, poti ndi wosawononga mankhwala.

Onani chimene chimachitika. Tinene kuti thanki ndi ya malita 10,000 ndipo malangizo akuti muthire mamiligalamu 2 pa lita iliyonse. Ndiye kuti pakufunika magalamu 20 a klorini weniweni. Koma ufa wa klorini wotchedwa HTH si klorini yekhayekha. Ngati pachigubu palembedwa 65%, muyenera kuyeza magalamu pafupifupi 31. Madziwo akadya mamiligalamu 1.5 pa lita, pakatha mphindi 30 mupeza 0.5 atatsala, ndipo ameneyu ndi amene amateteza madzi m'mapaipi ndi m'ndowa kunyumba. Munthu amene wathira 0.5 poganiza kuti ndiye mlingo wake, klorini yense amathera m'njira. Akayeza pampopi ndi kapiritsi ka DPD, madzi sasintha mtundu kukhala apinki, amangokhala mbee. Nthawi ya kolera, ngati ija ya 2022 ndi 2023, kulakwitsa kotere n'koopsa.

Ndiye perekani dzina lake kwa chilichonse, ndipo musalisinthe mpaka tsamba lomaliza. Amene mwathira uja akhale "klorini wothira", wodyedwa uja akhale "klorini amene madzi adya", wachitatuyo akhale "klorini wotsala woteteza madzi". Liwu loti woteteza ndilofunika. Mukangolemba "mankhwala otsalira", owerenga amamva ngati ndi zoipa zimene zinayenera kuchotsedwa, ndipo anthu amene amadandaula kale za fungo la madzi a pampopi apeza umboni. Mphindi 30 zija ndi "nthawi yodikira kuti klorini agwire ntchito", ndipo chiganizocho chinene poyera kuti madzi asatungidwe nthawiyo isanakwane.

Zizindikiro monga mg/L, pH ndi NTU zisiyeni momwe zilili, chifukwa ndi zimene opareta amawerenga pa makina oyezera. Zifotokozeni kamodzi pamene zayamba kupezeka: mg/L ndi mamiligalamu pa lita, pH ndi muyezo wa asidi m'madzi, NTU ndi muyezo wa kuvunduka kwa madzi, ndipo klorini amagwira bwino ntchito madzi akakhala pansi pa 5 NTU. Osayerekeza kusandutsa magalamu kukhala masupuni mwa nokha. Supuni za m'nyumba zathu n'zosiyana kukula, komanso ufa wa klorini umatha mphamvu ukakhalitsa pamalo otentha kapena chigubu chikamatsekulidwatsekulidwa. Pali ogulitsa ena amene amaupungulira m'timapepala tapulasitiki topanda chizindikiro chilichonse n'kumati ndi wa 70%. Wotero ngakhale mutamasulira bwino chotani, masamu sangagwire. Ngati eni kabuku akufuna masupuni, auzeni akupatseni okha nambala, molemba.

Kunena za ndalama: ntchito yamtunduwu musalole kulipidwa pa tsamba mofanana ndi kalata wamba. Ndime imodzi ya klorini ingakudyereni nthawi yoposa masamba asanu a mbiri ya bungwe. Ndaonapo anthu akulanda ntchito ndi mtengo wotsika, n'kubweretsa kabuku kotcha alamu "mchere", poti akatswiri amamutcha mchere wa aluminiyamu. Wina akanathira wa m'ndiwo.

Filutireshoni ndi "kusefa", koma nenani kuti ndi sefa ya mchenga, mwina anthu aganiza za sefa ya ufa kapena nsalu. Madzi amalowa pamwamba n'kudutsa mumchenga ndi timiyala. Sefa ikatsekeka amaitsuka pokankha madzi oyera kuchokera pansi kupita m'mwamba: "kutsuka sefa pobweza madzi". Samalaninso ndi mawu oti "madzi oyera". Madzi osefedwa amaoneka oyera koma tizilombo tingakhalemobe, choncho oyera muziwasungira maonekedwe, ndipo omwe athiridwa klorini muziti "madzi otetezedwa" kapena "abwino kumwa".

Zotsalazo n'zachizolowezi. Laimu ndi laimu, pampu ndi pampu, vavu ndi vavu, musavutike kupeka mawu amene opareta sanawamvepo. Mayeso a m'mabotolo opezera alamu wokwanira alembeni choncho basi. Ikani mawu onse amene mwasankha pa tsamba limodzi kumapeto. Kenako perekani ndime ya klorini ija kwa munthu wa pakomiti amene sanaone Chingerezi chake, mumupatse thanki ya malita 10,000 ija ndi ufa wa 65%, mumufunse kuti athira magalamu angati. Akatchula 31, tumizani kosindikiza, ndipo pepala loyamba likatuluka onani ngati kadontho ka pa 0.5 kakuoneka bwino.